Mapepala awiri amene ayenera kulembedwa sukulu isanasankhe wachiwiri kwa ahedi

M'sukulu zambiri za pulayimale, mukafunsa kuti wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu amagwira ntchito yanji, yankho limakhala lalifupi: amathandiza ahedi. Yankho limeneli ndi loona, koma ndi limene limabala mikangano. Ahedi amaganiza kuti nkhani ya aphunzitsi ochedwa ili m'manja mwa wachiwiri wawo, wachiwiriyo naye amayesa kuti ndi ya ahedi, ndipo belu likamalira kalasi ya Sitandade 3 imakhala ilibe mphunzitsi. N'chifukwa chake udindowu umafuna mapepala awiri munthu asanasankhidwe. Loyamba limafotokoza ntchito: adzachita chiyani, adzayankha kwa yani, nanga mphamvu zake zidzalekeza pati. Lachiwiri limafotokoza munthu woyenera ntchitoyo: maphunziro ake, zimene wagwirapo ndi luso lake. Loyamba lilembedwe kaye, chifukwa mzere uliwonse wa pepala lachiwiri uyenera kuchokera m'menemo.

Tiyerekeze sukulu ya pulayimale ya ophunzira 960 ndi aphunzitsi 12, kuwerengera ahedi ndi wachiwiri wawo. Onse akamaphunzitsa, mphunzitsi mmodzi amakhala ndi ana 80, pamene boma limafuna ana 60. Awiriwo akachoka m'kalasi n'kukhala mu ofesi mokha, otsala khumi aja amasenza ana 96 aliyense. Masamu amenewa akutiuza kuti pasukulu ngati iyi wachiwiri sangasiye choko. Choncho pepala lofotokoza ntchito linene mosabisa kuti adzaphunzitsa, ndipo litchule kuchuluka kwa mapiriyodi ake pa sabata. Mfundo iyi imaiwalika kawirikawiri, pamene ndi imene imasonyeza ngati ntchito zina zonse zingatheke. Munthu amene mwamupatsa Sitandade 8 yekha, kuyambira m'mawa mpaka poweruka, pamene ana akukonzekera mayeso a MANEB, sangapite kukaonerera mnzake akuphunzitsa Sitandade 2. Njira yabwino ndi kumupatsa maphunziro awiri kapena atatu m'kalasi imene akugawana ndi mphunzitsi wina, kuti tsiku lililonse akhale ndi mpata woyendera makalasi.

Zikatero, ntchito zenizenizo zilembedwe m'mawu amene munthu angathe kuwatsimikiza. Mawu akuti "kuonetsetsa kuti maphunziro akuyenda bwino" samanga aliyense. Lembani kuti adzakonza taimutebulo ya sukulu teremu isanayambe, adzaona ndi kusaina masikimu a aphunzitsi m'sabata yoyamba, adzaona mapulani a phunziro mogwirizana ndi atsogoleri a zigawo za makalasi, ndipo m'mawa uliwonse adzatseka buku losainira aphunzitsi n'kupeza wolowa m'kalasi ya amene sanabwere. Onjezani kalondolondo wa kaundula wa ophunzira, kuti mwana amene wajomba masiku angapo otsatizana adziwike msanga, makolo ake aitanidwe, ndipo ngati ndi mtsikana amayi a madagulupu auzidwe. Ntchito yolembedwa chonchi imasiya umboni. Mlangizi wa maphunziro m'zoni, amene aphunzitsi amangomutchula kuti a PEA, akabwera angotsegula masikimu n'kuona ngati muli saini ndi deti.

Gawo limene ndimaliona lofunika kuposa onse ndi la masiku amene ahedi kulibe. Pasukulu yathu yoyerekeza ija, tinene kuti ahedi apita ku maphunziro a sabata ziwiri. Lachiwiri mphepo yasasula denga la kalasi imodzi, Lachitatu kholo labwera ndi dandaulo lakuti mphunzitsi wamenya mwana wake, ndipo Lachisanu wogulitsa choko akufuna ndalama zake. Pepala labwino limayankhiratu zonsezi. Wachiwiri asamutse ana a m'kalasi yowonongekayo, alembe m'logibuku ndi kudziwitsa a PEA ndi wapampando wa komiti ya sukulu tsiku lomwelo. Dandaulo la kholo alimve, alilembe, amvenso mbali ya mphunzitsi, kenako alipereke kwa akuluakulu, chifukwa kuimitsa mphunzitsi wa boma pa ntchito si mphamvu ya ofesi ya pasukulu. Za ndalama, pepala linene ngati iye ali m'gulu la osainira kapena ayi. Ngati sali, wa chokoyo adikire. Popanda malire olembedwa, wachiwiri wamantha amangoti "dikirani ahedi" pa chilichonse, ndipo wolimba mtima amachita zimene zidzamubwerere.

Pamapeto pa mapepala otere pamakonda kukhala mzere wakuti "ndi ntchito zina zimene ahedi angamupatse". Mzerewu ukhalepo, koma uwonjezere kuti ntchitozo zikhale zogwirizana ndi udindowu. Ukasiyidwa wotseguka, wachiwiri amasanduka wotumidwa wa ahedi.

Tsopano pepala lachiwiri. Limagawa zofunika pawiri: zimene munthu sangalowe popanda izo, ndi zimene zingamuonjezere mwayi. Satifiketi ya MSCE ndi ya uphunzitsi yochokera ku koleji yovomerezeka zili m'gulu loyamba. Dipuloma ya maphunziro, pasukulu ya pulayimale ya kumudzi, ingakhale m'gulu lachiwiri, chifukwa mukaiyika poyamba mutha kutsekera kunja aphunzitsi aluso onse a m'zoni. Zaka za pantchito nazo zisamangowerengedwa zokha. Wina amene waphunzitsa zaka 15 kalasi imodzimodzi osatsogolerapo chilichonse sangapose amene m'zaka 7 watsogolera chigawo cha makalasi aang'ono, wakonzapo taimutebulo ndi kuyendetsa mayeso a teremu.

Pambali pa chofunika chilichonse palembedwe mmene chidzayesedwere. Satifiketi imaoneka ndi maso. Luso lophunzitsa limaoneka pomupatsa kalasi aphunzitse ofunsa akuonerera. Luso la taimutebulo liyesedwe ndi nkhani yeniyeni: muuzeni kuti mwa aphunzitsi 12 aja mmodzi wapita ku tchuthi cha uchembere, mumupatse pepala ndi theka la ola, agawenso makalasi. Wodziwa ntchito amayamba wafunsa kuti makalasi odzaza kwambiri ndi ati, ndipo samachotsa mphunzitsi ku Sitandade 1, kumene ana akuphunzira kuwerenga, kuti akadzaze Sitandade 8. Mawu ngati "wodzipereka" kapena "wakhalidwe labwino" aliyense amadzinenera pa intavyu. Ndi bwino kumufunsa mmene anathetsera nkhani ya mphunzitsi mnzake wochedwachedwa, makamaka wamkulu msinkhu kuposa iye, popeza udindowu umatanthauza kudzudzula anthu amene dzulo mumadya nawo nsima mbale imodzi.

Pali zina zimene siziyenera kulowa m'pepalali. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusankha munthu potengera mtundu, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ulumali kapena kuti ali pabanja, ndipo lamulo la 2013 lofananitsa mwayi wa amuna ndi akazi limafuna kuti polemba ntchito m'boma mbali iliyonse isachepere 40 pa 100 kapena kupitirira 60 pa 100. Choncho kulemba kuti "tikufuna bambo wamphamvu wosunga mwambo" ndi kulakwa, ndipo kumaululanso maganizo akuti mwambo wa pasukulu ndi chikwapu. Chimene chikufunika ndi munthu wodziwa malamulo oteteza ana komanso ndondomeko yobwezera kusukulu atsikana amene anasiya chifukwa cha mimba.

M'sukulu za boma, kukwezedwa giredi kumadutsa ku bungwe loona za ntchito za aphunzitsi, ndipo sukulu payokha silingasinthe zimenezo. Zimene ahedi angachite ndi kukhala pansi ndi wachiwiri wawo chaka cha sukulu chikamayamba, kugawana ntchito polemba, kusainirana, n'kupereka kope kwa a PEA ndi komiti ya sukulu. Sukulu zomwe si za boma zimalemba zokha mapepala onse awiri, ndipo ziwatumize kwa ofunsira ntchito tsiku la intavyu lisanafike.