Sheya yotchipa si yomwe ili ndi mtengo wochepa

Nkhani ya masheya yafika kuno kumudzi. Kuyambira 2020, pamene Airtel Malawi inagulitsa masheya kwa anthu pa K12.69 imodzi, FDH Bank n'kutsatira pa K10, aphunzitsi, anamwino ndi alimi a fodya kuno ku Nkhoma, ku Nathenje mpaka ku Mitundu akhala akufunsana kuti agule kampani iti pa msika wa Malawi Stock Exchange. Funso lomwe ndimamva kawirikawiri ndi lakuti: yotchipa ndi iti? Ndipo wofunsayo amatanthauza sheya ya makwacha ochepa, kuti ndalama yake imubweretsere masheya ambiri.

Ine ndikuti funsoli n'lolakwika. Munthu wogula chigayo pa Nathenje sayamba wafunsa mtengo wokha. Amafunsa kuti chimalowetsa zingati pamwezi magetsi ndi antchito atalipidwa, ngati chili ndi ngongole, ndiponso kuti mwini wake amatengapo zingati kupita nazo kunyumba. Sheya ndi kachigawo ka bizinesi, choncho mafunso ake ndi omwewa. Mayankho sabisika, chifukwa kampani iliyonse ya pamsikawu imakakamizidwa kusindikiza zotsatira zake kawiri pachaka: za theka la chaka, ndi za chaka chonse zomwe akatswiri owerengera ndalama a kunja kwa kampaniyo amakhala ataziunika. Zimatuluka m'manyuzipepala, ndipo mungazitsegule pafoni pa tsamba la kampaniyo. Vuto n'lakuti zili m'Chingerezi ndipo manambala ake ndi ochuluka. Koma mizere yofunika kwa wogula wamng'ono ndi yochepa.

Tiyambe ndi phindu. Pamwamba pa lipoti pamakhala ndalama zonse zomwe kampani yalowetsa. Nambala imeneyo imakhala yaikulu, koma si phindu ayi, monga momwe ndalama yomwe mlimi walandira ku okushoni si phindu asanachotse feteleza, aganyu ndi thiransipoti. Tsikani m'munsi mpaka pa mzere wolembedwa kuti "Profit after tax", lomwe ndi phindu lotsala zonse zitalipidwa, msonkho womwe. Pafupi pomwepo pali "Earnings per share", phindu lija litagawidwa pa masheya onse a kampaniyo. Chenjerani, pena nambalayi imalembedwa m'matambala.

Nachi chitsanzo cha makampani awiri ongoyerekeza. Mphunzitsi wa pa Nkhoma wasunga K500,000. Kampani yoyamba sheya yake ili pa K20, yachiwiri ili pa K400. Pongoona, yoyamba ndiyo yotchipa: apeza masheya 25,000, pamene kwinako apeza 1,250 okha. Tsono tiwerenge malipoti. Kampani yoyamba yapeza phindu la K4 biliyoni ndipo ili ndi masheya 8 biliyoni, kutanthauza kuti sheya iliyonse yapindula matambala 50. Yachiwiri yapeza K40 biliyoni pa masheya 500 miliyoni, ndiye kuti K80 pa sheya imodzi.

Gawani mtengo wa sheya ndi phindu la pa sheya. Kwa yoyamba, K20 kugawa ndi matambala 50 yankho ndi 40. Kwa yachiwiri, K400 kugawa ndi K80 yankho ndi 5. Tanthauzo lake n'lapafupi: ku kampani yoyamba mukulipira K40 kuti mugule K1 ya phindu la pachaka, kwinako mukulipira K5. Phindu litapanda kusintha, bizinesi yoyamba ingatenge zaka 40 kuti ipange ndalama yofanana ndi yomwe mwaikamo, yachiwiri zaka zisanu. Sheya ya K20 ija ndiyo yodula, kasanu ndi katatu.

Sikuti nambala yaikulu ndi yoipa nthawi zonse. Pena ogula amalipira modula chifukwa akuyembekeza kuti phindu likula msanga. Koma pamenepo dziwani kuti mukugula chiyembekezo, ndipo muyenera kuona ngati chili ndi maziko. Lipoti lililonse limaika manambala a chaka chino pambali pa a chaka chatha, kotero mukapeza malipoti awiri otalikirana ndi zaka ziwiri muli ndi zaka zinayi. Poyerekezapo musaiwale kukwera mitengo kwa zinthu. M'chaka cha 2024 mitengo kuno inakwera ndi pafupifupi 30 peresenti. Kampani yomwe phindu lake linakwera ndi 15 peresenti chaka chimenecho inabwerera m'mbuyo, ngakhale lipoti lake linkaoneka lachimwemwe.

Funsaninso kuti phindulo lachokera kuti. Makampani omwe ali ndi nyumba zochititsa lendi amawerengera ngati phindu kukwera mtengo kwa nyumba zawo, ngakhale sanagulitse ina iliyonse. N'zololedwa, koma ndi phindu la papepala, longa la munthu yemwe ng'ombe zake zakwera mtengo zili m'khola momwemo. Ndalama yogawira eni masheya imachokera ku lendi yomwe yalowadi.

Chachiwiri ndi ngongole, ndipo pano pali mafunso awiri. Loyamba n'lakuti kodi kampani ikukwanitsa chiwongoladzanja mosavutika? Pezani phindu lomwe bizinesi yapanga chiwongoladzanja ndi msonkho zisanachotsedwe, n'kuliyerekeza ndi mzere wa "Finance costs". Ngati phindulo ndi K12 biliyoni ndipo chiwongoladzanja ndi K2 biliyoni, kampani ikupuma bwino. Ngati chiwongoladzanja ndi K9 biliyoni, chaka chimodzi choipa chikhoza kumeza phindu lonse. Aliyense amene anatengapo ngongole ku banki m'khonde kuti aguleko soya pa Mitundu akudziwa kuti wobwereketsa amalandira zake poyamba, malonda ayende kapena asayende. Mwini sheya amadya zotsala.

Funso lachiwiri ndi lomwe ambiri amalilumpha: ngongoleyo ili m'ndalama yanji? Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Kampani yomwe inali ndi ngongole ya madola 10 miliyoni inagona ikuwerengera K11.8 biliyoni, n'kudzuka ndi ngongole ya K17 biliyoni, osabwereka ndi tambala yomwe. Kusiyanako, K5.2 biliyoni, kumachotsedwa pa phindu la chaka chimenecho.

Izi si zongoganizira. Airtel Malawi inalowetsa ndalama zambiri mu 2023 kuposa mu 2022, anthu ankagulabe mayunitsi ndi mabando, koma chakacho inachitseka ndi kuluza, chifukwa zambiri zomwe inkayenera kulipira zinali m'ndalama zakunja pamene makasitomala ake amalipira m'makwacha. Chaka chotsatira inabwereranso pa phindu. Yemwe ankangoona mizere ya anthu pa timashopu ta mayunitsi anadabwa, koma yemwe anawerenga ndemanga za kumapeto kwa lipoti lathunthu la pachaka, momwe kampani imafotokoza zomwe ikuyenera kulipira m'madola, anali ndi chenjezo m'manja, makamaka poti kwacha inali itagwetsedwapo kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Kwa kampani yomwe imagulitsa katundu kunja n'kulandira madola, nkhaniyi ikhoza kutembenuka, kugwa kwa kwacha n'kuikomera.

Mabanki okha musawayeze ndi muyeso umenewu. Ndalama zomwe timasungitsa ku banki zimalembedwa ngati ngongole ya bankiyo, motero banki iliyonse imaoneka yodzala ndi ngongole. Kumeneko yang'anani kuchuluka kwa ngongole zomwe bankiyo inapereka koma sizikubwezedwa, ndi ngati zikukula chaka ndi chaka.

Chachitatu ndi dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imapereka kwa eni masheya. Imeneyi ndiyo ndalama yomwe imalowa mu akaunti yanu osagulitsa sheya. Tibwerere kwa mphunzitsi uja. Kampani yoyamba yalengeza matambala 20 pa sheya. Pa masheya ake 25,000 ndi K5,000, ndipo msonkho wa 10 peresenti womwe amadula ndalamayo isanatumizidwe ukachoka, watsala ndi K4,500 pachaka. Kampani yachiwiri yalengeza K32 pa sheya. Pa masheya 1,250 ndi K40,000, msonkho ukachoka K36,000. Ndalama yoikamo ndi yofanana, koma msonkho usanachoke uyu akulandira 1 peresenti, winayu 8 peresenti. Ndasiya dala komishoni ya ogulitsira masheya kuti masamu asachuluke, koma muifunse musanagule.

Musalekere pomwepo. Yerekezani dividendi ndi phindu la pa sheya. Kampani yachiwiri yapereka K32 pa K80, yasunga K48 yokulitsira bizinesi, ndipo phindu litatsika pang'ono ikhoza kupitiriza kupereka. Koma kampani yomwe yapindula K10 pa sheya n'kupereka K14 ikudya mbewu: yatapa m'nkhokwe kapena yabwereka, ndipo sizingapitirire. Dividendi si malipiro a pamwezi. Akuluakulu a kampani akhoza kuichepetsa kapena osaipereka n'komwe, makamaka chaka choluza. Onaninso tsiku lomwe chilengezo chatchula, chifukwa imaperekedwa kwa okhawo omwe mayina awo ali m'kaundula pofika tsikulo. Mukagula mochedwa, imapita kwa yemwe wakugulitsani.

Ngakhale 8 peresenti ija ndi yochepa poyerekeza ndi kukwera mitengo kwa 30 peresenti. Ndiye chifukwa chake manambala atatuwa amayendera limodzi. Dividendi yokha siingateteze ndalama yanu. Chomwe chingaiteteze ndi phindu lomwe likukula kuposa mitengo ya zinthu, m'kampani yomwe ngongole yake siingathe kulimeza.

Manambalawa ali ndi malire ake. Amanena za dzulo. Lipoti la chaka chotha pa 31 Disembala limatuluka cha m'Malichi kapena Epulo, zinthu zitasintha kale. Chothandiza n'chakuti malamulo a msikawu amafuna kuti kampani ichenjeze anthu m'chikalata chachifupi ikadziwa kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo yapitayo ndi 20 peresenti kapena kuposerapo. Muziyang'ana zikalata zimenezi. Komanso msika wathu ndi waung'ono, makampani ake ndi osakwana 20, ndipo masheya ena amatha masiku osapeza wogula. Ndalama ya fizi ya Seputembala kapena ya feteleza wa Novembala isalowe kumeneko.

Pempho langa likupita kwa makampani ogulitsira anthu masheya, monga Stockbrokers Malawi, Cedar Capital ndi Continental Capital: munthu wochokera ku Mitundu akakufunsani za sheya, musangomuuza mtengo wa lero. Muuzeni, m'Chichewa, phindu la pa sheya la zaka zitatu zapitazi, chiwongoladzanja chomwe kampaniyo ikulipira, ngongole yake ya m'madola ndi dividendi yomwe yapereka. Ndipo inu ogula, tengani kope, mulembe manambala amenewa pa kampani iliyonse yomwe mukuifuna, mzere umodzi kampani imodzi. Mzere ukakhala ndi mpata wosadzazidwa, ndalama ikhale kaye m'thumba.