Momwe Kachipangizo Kamawerengera Nthawi

Kachipangizo ka ATmega328P ka mu Arduino Uno kamayendera wotchi yogunda maulendo 16 miliyoni pa sekondi. M'kati mwake muli kauntala yotchedwa Timer1, yomwe imawonjezera 1 kugunda kulikonse. Ikafika pa 65,535 imasefukira: imabwerera pa ziro n'kudziwitsa pulogalamu.

Vuto n'lakuti pa liwiro limeneli imadzaza m'mamilisekondi anayi okha. Apa ndi pomwe pamafunika chogawa liwiro, chimene chimayima pakati ngati mlonda wa pachipata. Mukachiika pa 256, chimadikira wotchi igunde ka 256 chisanalole kauntala kuwonjezera 1. Tsopano kauntala imayenda masitepe 62,500 pa sekondi.

Mukufuna sekondi imodzi ndendende? Yambitsani kauntala pa 3,036 polemba nambalayi mu TCNT1. Ikayenda masitepe 62,500, isefukira. Koma musaiwale kuibwezera pa 3,036 ikangosefukira, apo ayi iyambira pa ziro, ndipo nyale yanu izichedwa pafupifupi masekondi atatu pa mphindi iliyonse.

Chogawacho chili ndi mtengo wake: sitepe iliyonse tsopano ndi mamaikolosekondi 16, choncho kanthawi kochepera apo simungakayeze.