Wopeza yankho loona pamene palibe chikalata

Woyesa mapulogalamu a pakompyuta amalowetsa chinthu, n'kuona chimene chatuluka. Chovuta chimabwera pambuyo pake: adziwa bwanji kuti chotulukacho n'cholondola? Chilichonse chimene amadalira poweruza, kaya ndi chikalata, pulogalamu ina kapena munthu wodziwa ntchitoyo, akatswiri amachitchula kuti orako, dzina limene William Howden analigwiritsa ntchito m'zolemba zake za 1978. Pakakhala chikalata chofotokoza zimene pulogalamu iyenera kuchita, mlandu sutalika. Koma mapulogalamu ambiri alibe chikalata chotere, ndipo amene anawalemba anachoka kalekale.

Tiyerekeze kuti bungwe lobwereketsa ndalama lalembetsa pulogalamu yatsopano yowerengera masiku pakati pa madeti awiri, kuti lizidziwa chiwongoladzanja. Woyesa sanapatsidwe pepala lililonse. Chimene ambiri amayamba nacho ndi kufananiza ndi pulogalamu ina yodalirika, monga Excel. Amaika madeti mazanamazana mbali zonse ziwiri, ndipo pamene mayankho asiyana ndi pamene amafufuza. Njirayi ndi yabwino, koma taonani izi:

```
=DATE(1900,3,1)-DATE(1900,2,28)
```

Excel imayankha 2. Pulogalamu yolembedwa bwino iyankha 1. Woyesa wopupuluma angalembe lipoti loti yatsopanoyo yalakwa, chonsecho yolakwa ndi Excel, imene imawerengera tsiku la 29 Febuluwale 1900 lomwe silinakhaleko. Kalendala imene timagwiritsa ntchito, yomwe Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582, imati chaka chogawika ndi 4 chimakhala ndi tsiku loonjezera, kupatula zaka zothera ndi 00 zosagawika ndi 400. Choncho 2000 inali nalo, 1900 inalibe. Cholakwikachi chinali mu Lotus 1-2-3, ndipo a Microsoft anachitengera kuti mafayilo a mapulogalamu awiriwa azigwirizana. Anachisiya mpaka lero poona kuti kuchikonza kungasunthe madeti m'mafayilo osawerengeka a anthu.

Apa woyesa wapulumuka chifukwa chopita ku lamulo la kalendala, lomwe silidalira pulogalamu iliyonse. Kusiyana kwa mayankho kumangosonyeza kuti pena pali vuto, sikunena wolakwa. Ngakhale kugwirizana si umboni wokwanira. Mu 1986, John Knight ndi Nancy Leveson anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mapulogalamu 27 a ntchito imodzi, olembedwa ndi anthu osakambirana, ndipo anapeza kuti angapo ankalakwa pamalo amodzimodzi kuposa mmene mwayi chabe ukanachititsira. Pamene pavuta munthu mmodzi, pamavutanso anzake.

Pali njira inanso yosafuna kudziwa yankho lenileni, imene T. Y. Chen ndi anzake anaifotokoza mu 1998. Woyesa amafunsa kuti mayankho ayenera kugwirizana motani. Masiku a kuchokera Januwale kufika Malichi, kuphatikiza a Malichi kufika Juni, ayenera kufanana ndi a Januwale kufika Juni. Kompyuta ingayese zimenezi pa madeti miyandamiyanda usiku umodzi. Komabe Excel ija ikhoza mayeso amenewa bwinobwino, chifukwa tsiku labodzalo imaliwerengera mofanana paliponse. Njirayi imagwira pulogalamu yodzitsutsa, koma yolakwa mosasintha imaidutsa.

Gawo limene ine ndimaliona kuti ndi lolemera kuposa onse lilibe masamu ovuta. Munthu wabwereka K100,000 pa 1 Januwale 2023, n'kubweza pa 1 Malichi, chiwongoladzanja chili 36 pa 100 iliyonse pachaka. Masiku enieni ndi 59, ndipo tikagawa ndi 365 chiwongoladzanja chikhala pafupifupi K5,819. Koma pali mawerengedwe ena odziwika pa nkhani za ngongole amene amatenga mwezi uliwonse ngati wa masiku 30, chaka 360. Excel ili nawo m'dzina la `DAYS360`. Pamenepo masiku ndi 60, ndalama K6,000. Mayankho onse awiri ndi oona m'mawerengedwe ake, ndipo kalendala singasankhe.

Woyesa wabwino saganizira yekha pamenepa. Amakafuna fomu imene wobwereka anasainira, malisiti akale osonyeza mmene bungwelo linkawerengera, ndi malamulo a dziko okhudza ngongole. Zikapanda kugwirizana, amapita kwa mkulu woona zachuma ndi manambala onse awiri, K5,819 ndi K6,000, kuti iye agamule. Chigamulocho amachilemba pamodzi ndi deti komanso chifukwa chake, n'kuchisandutsa mayeso amene kompyuta izibwereza nthawi iliyonse pulogalamu ikasinthidwa. Akasiya kutero, K181 ya wobwereka aliyense idzagamulidwa ndi wolemba pulogalamu amene mwina sanadziwe n'komwe kuti panali chosankha.