Kulowa mu Seva ya Kampani Koyamba: Zimene Wophunzira Ntchito Ayenera Kuchita

Seva ndi kompyuta imene imasunga mafayilo ndi mapulogalamu a kampani, ndipo imagwira ntchito usiku ndi usana. Kawirikawiri imakhala m'chipinda chokiyidwa kapena m'nyumba yosungira makompyuta kudziko lina, moti wophunzira ntchito akhoza kumaliza miyezi yake yonse osayiona ndi maso. Amayifikira kuchokera pa laputopu yake. Maseva ambiri amayenda ndi Linux, ndipo njira yofala yolowera mmenemo imatchedwa SSH. Anayambitsa njirayi ndi Tatu Ylönen wa ku Finland mu 1995, pofuna kuti pasiwedi ndi zonse zimene munthu akulemba zisamayende poyera pa netiweki. Pulogalamu imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito lero ndi OpenSSH, yomwe inatuluka mu 1999, ndipo imapezeka kale pa Linux, pa Mac ndi pa Windows 10 ndi 11.

Pa kulowa koyamba pamachitika zinthu ziwiri. Seva imafuna umboni woti wobwerayo ndi amene akudzitchula, ndipo wobwerayo nayenso amafunika umboni woti makina amene amuyankhawo ndi a kampani yake. Anthu ambiri amasamala za choyambacho chifukwa popanda icho salowa. Chachiwiri amachidumpha, chonsecho mpata wochichita bwino umabwera kamodzi kokha.

Asanayambe chilichonse, wophunzira ntchito amafunika kulandira zinthu zinayi kwa woyang'anira seva: dzina la akaunti yake, adiresi ya seva, nambala ya poti, ndi chidindo cha sevayo. M'chitsanzo chino dzina la akaunti ndi `intern01` ndipo adiresi ndi `10.20.0.15`. Poti ili ngati nambala ya khomo pa makinawo. Ya SSH imakhala 22 ngati kampani sinayisinthe. Adiresi yoyamba ndi 10 ndi yam'kati mwa kampani, siyipezeka pa intaneti ya aliyense. Munthu amayifikira ali pa netiweki ya mu ofesi, ndipo ngati ali kunyumba amayamba wayatsa VPN, pulogalamu imene imalumikiza laputopu yake ku netiweki ya kuntchito. Za chidindo zifotokozedwa pamalo pake, koma ndi bwino kuchipempha tsiku lomwelo, chifukwa oyang'anira ena sachipereka mpaka munthu atafunsa.

Makampani ena amangopereka pasiwedi yongoyembekezera, koma ambiri amene amasamala za chitetezo amafuna makiyi. Makiyiwa amapangidwa ndi wophunzira ntchito mwini wake, pa laputopu yake. Amatsegula Terminal pa Mac kapena Linux, kapena PowerShell pa Windows, n'kulemba:

```
ssh-keygen -t ed25519
```

Kompyuta imafunsa komwe isunge makiyiwo, ndipo kungodina Enter kumavomereza malo ake a nthawi zonse, omwe ndi foda yotchedwa `.ssh`. Kenako imapempha mawu otetezera kiyi. Pano pali mayesero, chifukwa kudina Enter osalemba kanthu kumaloledwa, ndipo ntchito imapitirira bwinobwino. Koma kiyi wopanda mawu omuteteza amatsegulira aliyense amene watola laputopuyo. Laputopu zimabedwa mu minibasi ndi m'nyumba zalendi, choncho mawuwa asasiyidwe. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, amene mwini wake angawakumbukire, ndi abwino kuposa liwu limodzi lalifupi lokhala ndi nambala kumapeto.

Zikatha izi, mufodamo mumakhala mafayilo awiri. Ya `id_ed25519` ndi kiyi wachinsinsi, ndipo ya `id_ed25519.pub` ndi kiyi wapoyera. Wapoyerayo ali ngati loko amene munthu amapereka kuti amuyikire pachitseko, pamene wachinsinsiyo ndi kiyi weniweni amene amakhala m'thumba mwake. Loko akhoza kuonedwa ndi aliyense popanda vuto. Polowa, seva imapempha laputopu kuti isayine uthenga wina ndi kiyi wachinsinsi, kenako imayeza siginechayo ndi kiyi wapoyera umene ili nawo. Kiyi wachinsinsi sachoka pa laputopu ngakhale pa nthawi yolowayo.

Wotumizidwa kwa woyang'anira ndi wapoyera yekha. Maina a mafayilo awiriwa amasiyana ndi `.pub` pokha, n'chifukwa chake ongoyamba kumene amasokoneza. Njira yosavuta yodziwira ndi kuona zam'kati:

```
cat ~/.ssh/id_ed25519.pub
```

Chimene chimatuluka ndi mzere umodzi wautali woyamba ndi `ssh-ed25519`. Ngati m'malo mwake pakuoneka mizere ingapo yoyamba ndi `-----BEGIN OPENSSH PRIVATE KEY-----`, ndiye kuti watsegula wachinsinsi, ndipo ameneyo satumizidwa kwa wina aliyense, ngakhale bwana. Woyang'anira wodziwa ntchito yake sangamupemphe n'komwe. Zikachitika kuti watumizidwa molakwitsa pa imelo kapena pa WhatsApp, kufufuta uthengawo sikukwanira. Makiyiwo amatayidwa, n'kupanga ena atsopano, zomwe sizitenga ngakhale mphindi ziwiri. Woyang'anira akalandira mzere woyenera amauyika mu fayilo ya `authorized_keys` ya akauntiyo pa seva, n'kudziwitsa mwini wake kuti njira yatseguka.

Lamulo lolowera ndi lalifupi, dzina ndi adiresi zolumikizidwa ndi chizindikiro cha @:

```
ssh intern01@10.20.0.15
```

Ngati kampani inasintha poti, mwachitsanzo kukhala 2222, amalemba `ssh -p 2222 intern01@10.20.0.15`. Seva ikayankha, sikirini imaonetsa uthenga woyamba ndi `The authenticity of host`, wonena kuti laputopuyi sinakumanepo ndi makina amenewa. M'munsi mwake mumakhala chidindo, chomwe ndi `SHA256:` motsatizana ndi zilembo ndi manambala 43, kenako funso ili:

```
Are you sure you want to continue connecting (yes/no/[fingerprint])?
```

Apa ndiye pofunika kudekha. Seva nayo ili ndi makiyi ake, ndipo chidindocho ndi chidule cha kiyi wake wapoyera. Maseva awiri okhala ndi makiyi osiyana sangaonetse chidindo chofanana. Munthu wachinyengo amene wapeza mpata pa netiweki, kaya pa Wi-Fi ya kumalo odyera kapena pa makina ena a mu ofesi amene anawalowerera, akhoza kuyika kompyuta yake pakati n'kumayankha ngati ndi seva ya kampani. Adiresi akhoza kuyinamizira, koma kiyi wachinsinsi wa seva yeniyeni alibe, choncho chidindo chake chimasiyana. Wolowayo akangolemba `yes` osayerekeza, amakhala wauza laputopu yake kuti izikhulupirira makina amenewo kuyambira pamenepo. Ngati kulowako ndi kwa pasiwedi, pasiwediyo imathera m'manja mwa wakubayo.

Choyenera ndi kuyerekeza chidindo cha pa sikirini ndi chimene woyang'anira anapereka, chonse, osati zilembo zitatu zoyambirira zokha. Pali njira yosatopetsa maso: m'malo molemba `yes`, amakopera chidindo chochokera kwa woyang'anira n'kuchimata pa funsolo, ndipo pulogalamuyo imayerekeza yokha. Zikafanana imapitirira, zikasiyana imakana. Chidindocho chizibwera kudzera njira yodalirika, monga papepala, pamasom'pamaso kapena m'zolemba zam'kati mwa kampani. Laputopu ikavomereza, imasunga kiyi wa sevayo mu fayilo ya `known_hosts`, ndipo funsoli silibweranso.

Kenako kompyuta imapempha mawu otetezera kiyi aja. Polemba sipaoneka kanthu, ngakhale tinyenyezi, ndipo ambiri amaganiza kuti kiyibodi yasiya kugwira. Ndi mmene zinapangidwira, kuti woyima kumbuyo asawerenge kutalika kwa mawuwo. Amangolemba n'kudina Enter. Zikayenda bwino, mzere wolembapo umasintha n'kukhala ngati `intern01@seva1:~$`. Kuyambira pamenepo chilichonse cholembedwa chikuchitika pa seva, osati pa laputopu. Malamulo atatu osavulaza kanthu amatsimikiza zimenezi: `whoami` amanena dzina la akaunti, `hostname` amanena dzina la makinawo, ndipo `pwd` amanena foda imene munthu ali. Amene anapatsidwa pasiwedi yongoyembekezera amayisintha nthawi yomweyo ndi `passwd`. Maseva ena amachita kumukakamiza.

Kulowa kukakanika, uthenga umene waoneka umanena pamene ulendo wathera, ndipo kuuwerenga kumapulumutsa nthawi. `Connection timed out`, umene umabwera patapita kanthawi kompyuta itangoti zii, umatanthauza kuti pempho silinayankhidwe n'komwe. Kwa amene ali kunyumba, choyamba kuona ndi ngati VPN yayatsidwa. `Connection refused` umabwera msanga, ndipo umasonyeza kuti makinawo afikiridwa koma pa potiyo palibe chomvetsera, kawirikawiri chifukwa nambala ya poti yalakwika. `Permission denied (publickey)` ndi wakutsogolo kuposa onsewa: seva yapezeka, yayankha, koma yakana munthuyo. Mwina kiyi wapoyera sanayikidwebe, mwina mzere uja unaduka pakati poutumiza, kapena dzina lalakwika. Wolemba `ssh 10.20.0.15` popanda dzina amatumiza dzina la akaunti ya pa laputopu yake, limene seva siyikulidziwa. Pa Linux ndi Mac pamabweranso chenjezo la `UNPROTECTED PRIVATE KEY FILE!` ngati fayilo ya kiyi ingathe kuwerengedwa ndi maakaunti ena a pa kompyutayo, ndipo `chmod 600 ~/.ssh/id_ed25519` amakonza vutolo.

Kubwereza mobwerezabwereza sikuthandiza. Maseva ambiri ali ndi pulogalamu monga fail2ban imene imatsekera kwa kanthawi adiresi yolephera kulowa kangapo, ndipo munthu amene anali ndi vuto limodzi amapezeka ali ndi awiri. Kuwonjezera `-v` pa lamulo lolowera kumaonetsa zonse zimene zikuchitika, kuphatikizapo makiyi amene ayesedwa. Zimenezi, pamodzi ndi lamulo lenilenilo ndi nthawi imene analiyesa, ndi zimene woyang'anira amafuna kuti afufuze m'kaundula wa seva. Uthenga wongoti "sizikutheka" sumuthandiza.

M'kati mwa seva, akaunti ya wophunzira ntchito imakhala ndi malire. Chizindikiro cha `$` kumapeto kwa mzere wolembapo ndi cha akaunti wamba, pamene `#` ndi cha `root`, akaunti yotha kusintha ndi kufufuta chilichonse. Lamulo la `sudo` limabwereka mphamvu zimenezo, ndipo kuliyesa kulikonse kumalembedwa m'kaundula, ngakhale kokanidwa. Tsiku loyamba silofunika `sudo`, makamaka pa makina amene makasitomala akudalira, popeza fayilo yofufutidwa ndi `rm` siyipita mu bini yoti munthu akayitolemo. Akamaliza amalemba `exit`, ndipo mzere wolembapo umabwerera ku dzina la laputopu.

Tsiku lina m'tsogolo polowa pakhoza kubwera chenjezo la zilembo zikuluzikulu lakuti `WARNING: REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED!`. Limatanthauza kuti kiyi amene seva yaonetsa wasiyana ndi uja anasungidwa mu `known_hosts`. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi chosaopsa, monga seva kumangidwanso kapena adiresi kupatsidwa makina ena, koma laputopu siyingasiyanitse zimenezi ndi chinyengo. Wophunzira ntchito amayamba wafunsa woyang'anira. Akatsimikiza kuti kusinthako n'kodziwika, amachotsa kiyi wakale ndi `ssh-keygen -R 10.20.0.15`, n'kulowanso, ndipo funso lija likabwera amayerekeza ndi chidindo chatsopano chimene wapatsidwa.