Uthenga wokumbutsa msonkhano wa banki m'khonde: zonena ndi zobisa

Mikangano yambiri ya m'magulu a banki m'khonde imayambira pa chindapusa cha wojomba. Mayi akauzidwa kuti alipire, yankho limakhala limodzi: "Ine sindinamve." Nthawi zina amanena zoona, ndipo wolakwa amakhala mlembi amene anatumiza uthenga wongoti "tikumana Loweruka, malo omwe aja."

Njira yosungira ndalama imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo mwambo wake ndi wakuti ndalama zimaperekedwa pamaso pa onse. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Mmodzi mwa atatuwo akapanda kumva uthenga, bokosi silitsekulidwa, ndipo anthu makumi awiri amabwerera ndi ndalama zawo kumpango. Ndalama yobwerera kunyumba tonse tikuidziwa: mawa lake yagula ndiwo. Gulu lokumana kamodzi pamwezi ndilo limavutika kwambiri, chifukwa tsikulo limaiwalika kusiyana ndi la okumana sabata iliyonse.

Uthenga wabwino umatchula tsiku ndi deti pamodzi. "Loweruka likubwerali" ndi mawu oterera, pakuti wowerenga uthengawo Lamlungu adzaganiza za Loweruka lina. Nthawi itchulidwe ya pawotchi, osati "tikadya nsima," poti nsima siipsa nthawi imodzi m'mudzi monse. Malo nawo atchulidwe ngakhale asanasinthe, makamaka nyengo ya dzinja pamene gulu limathawa pansi pa mtengo wa mango n'kukabisala m'tchalitchi kapena m'kalasi. Mlembi angalembe chonchi:

"Gulu lathu la banki: tikumana Loweruka pa 7 Juni, 2 koloko masana, pasukulu ya mkaka ya kwa amfumu. Tengani mabuku, masheya ndi ya zadzidzidzi. Mlembi."

Uthengawu ukukwana mu SMS imodzi, yomwe malire ake ndi zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Ukapitirira pamenepo, mayunitsi amadyedwa ngati mauthenga awiri, ndipo pa anthu 25 ndalamayo imaoneka. Ngati m'mudzimo muli magulu angapo, dzina la gulu liyambe, chifukwa amayi ena ali m'mabanki awiri.

Za nthawi yotumizira, ine ndimakonda kawiri: kutatsala masiku atatu, kenako madzulo oti mawa ndi msonkhano. Masiku atatuwo ndi ofunafuna ndalama. Tiyerekeze kuti sheya imodzi ndi K2,000 ndipo mayi wina amagula masheya asanu, omwe ndiwo malire m'magulu ambiri. Imeneyo ndi K10,000. Ya zadzidzidzi ikhale K500. Ngati anakongola K40,000 pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse, mwezi umenewo akufunikanso K8,000. Zonse pamodzi K18,500, ngongole yeniyeniyo asanaikhudze. Wogulitsa mandasi kapena tomato sangatolere ndalama yotere atauzidwa m'mawa wa tsiku lomwelo.

Amene amatumiza pa WhatsApp adziwe msampha umodzi. Uthenga wa New broadcast umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumizayo m'foni mwawo. Mlembi akasintha nambala, theka la gulu silimva kanthu, iye ali phee kuganiza kuti watumiza. Chizindikiro chake n'chosavuta: kachongi kamodzi kakakhalitsa, uthenga sunafike, kaya chifukwa cha nambala, bando kapena foni yothima. Oterowo aimbireni, ndipo osunga makiyi ayankhe ndithu kuti amva. Kumbukiraninso kuti foni yambiri ya kumudzi ndi ya bambo, ndipo imatha masiku ili kotchajitsa. N'chifukwa chake magulu ochenjera amapatsa aliyense wa foni anzake awiri oti akawauze pakamwa.

Tsono pali zosayenera kutuluka. Uthenga ukamalengezedwa kutchalitchi, kumzikiti, pachinkuzamawu kapena pawailesi ya m'dera, umamvedwa ndi mudzi wonse, akuba omwe. Kumeneko musatchule kuti m'bokosi muli zingati, amasunga ndani, kapena kuti ndi tsiku logawana. Ingonenani kuti mamembala akumane, zina azimvera komweko. Maina a angongole asalowe mu uthenga wa anthu onse. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu sabweza msanga, amangoyamba kuzemba misonkhano. Nambala ya Mpamba kapena Airtel Money yotumizirako masheya isamasinthidwe kudzera mu uthenga, chifukwa ndi momwe akathyali amaberera anthu. Zotere zigwirizanidwe pamsonkhano n'kulembedwa m'buku.

Maliro akagwa m'mudzi, msonkhano umaimitsidwa, ndipo uthenga wachiwiri unene poyera kuti woyamba uja wafafanizidwa, n'kutchula tsiku latsopano. Alembi, musafufute mauthenga amene mwatumiza mpaka msonkhano utadutsa, chifukwa pokambirana za chindapusa umboni wanu ndi womwewo.