Kuloweza Zolankhula: Mmene Tingapezere Njira Mawu Akatithawa

Ambiri a ife tikapita kutchuthi kapena kukayeserera uphunzitsi kumidzi, timapemphedwa kuti tiyankhulepo pamsonkhano chifukwa ndife akukoleji. Kumadera a m'mbali mwa nyanja monga ku Sanga, m'boma la Nkhata Bay, misonkhano yambiri imachitikira panja, pansi pa mtengo wa mango. Palibe gome loikapo pepala, mphepo ya mwera ikaomba pepalalo limapindika, ndipo akuluakulu safuna kumvera munthu amene maso ake ali pansi. Choncho timaloweza. Vuto limabwera pamene tafika pakati, mutu n'kuima, mafumu ndi makolo onse ali chete kutiyang'ana.

Kawirikawiri chimene chimatigwetsa ndi mmene tinalowezera. Timaloweza ngati mikanda ya pa ulusi umodzi: chiganizo choyamba chimakoka chachiwiri, chachiwiri chimakoka chachitatu. Ulusiwo ukaduka pamalo amodzi, mikanda yonse yotsala imamwazika. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Ngati mnzathu atiuza kuti tiyambire pakati, ife n'kupezeka kuti tikunong'ona kuchokera kumayambiriro kuti tikafike pamenepo, ndiye kuti mawu athu ali pa ulusi umodzi.

Njira yothandiza ndi yakale kwambiri. Cicero, katswiri wolankhula wa ku Roma, anaifotokoza m'buku lake lotchedwa De Oratore m'chaka cha 55 Yesu asanabadwe. Wolankhula amasankha malo amene amawadziwa bwino, amene ali ndi ndondomeko yosasintha, n'kuika mfundo imodzi pamalo aliwonse. Polankhula amangoyenda m'maganizo kuchoka pamalo ena kupita pena. Aroma ankagwiritsa ntchito zipinda za nyumba. Ife tingagwiritse ntchito masiteji a minibasi.

Tiyerekeze kuti tili pasukulu ya pulayimale ku Sanga, ndipo aphunzitsi aakulu atipatsa mphindi zitatu pamsonkhano wa makolo kuti tinene za ana amene amajomba kusukulu chifukwa chopita kunyanja. Munthu wa kumeneko amadziwa msewu wa M5 kulowera kummwera ngakhale atatsinzina: Vizara, Sanga, Chintheche, Bandawe, Kande. Masiteji asanu, mfundo zisanu.

Pa Vizara pali mitengo ya raba yobzalidwa m'mizere, ndipo mizereyo itikumbutse moni wotsata maudindo: mafumu, aphunzitsi aakulu, a komiti ya sukulu, makolo, kenako ana. Sanga ndi kwathu, choncho apa tinena zimene aliyense amaona ndi maso ake, ana ali pagombe m'mawa kudikira mabwato a usipa belu litalira kale. Chintheche ndi pamalo a malonda, ndiye apa tikamba za ndalama: tivomereze kuti kandalama kamene mwana amapeza pothandiza asodzi kamagula sopo ndi mchere pakhomo. Ku Bandawe ndi kumene Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1881, ndipo sukulu za kumeneko zinatchukitsa Atonga pa maphunziro. Apa tinena zimene mwana wojomba akutaya. Pa Kande tikutsika, ndipo tipereka pempho limodzi lomveka, monga lakuti mwana asapezeke pagombe nthawi ya sukulu.

Tikayala njira chonchi m'pamene timalemba mawu. Siteji iliyonse ikhale ndi ziganizo zitatu kapena zinayi, zazifupi zoti tingazinene ndi mpweya umodzi. Tilembe m'chiyankhulo chimene tikayankhule. Ku Sanga anthu amalankhula Chitonga, ndipo amene waloweza m'Chingerezi n'kumamasulira ali chiimire amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, ndipo pamenepo m'pomwe mutu umaimira. Tikatha kulemba tiwerenge mokweza tikuyang'ana wotchi. Ngati zapitirira mphindi zitatu, tichotse ziganizo, tisaganize zodzathamanga.

Si mawu onse ofunika kuwaloweza liwu ndi liwu. Ofunika kutero ndi moni, chiganizo choyamba cha siteji iliyonse, ndi mawu otsekera. Zapakati tigwire ganizo lake, ndipo mawu akasintha pang'ono palibe amene adzadziwe. Ziganizo zoyambazo zisafanane. Ngati ndime ya Chintheche ndi ya Kande zonse zikuyamba ndi "Makolo athu", lilime likhoza kulumpha kuchoka pa yoyambayo n'kukagwera pa yomaliza, kapena kubwerera m'mbuyo n'kumazungulira. Ya Chintheche iyambe ndi liwu lakelake, monga "Ndalama ya usipa ndi yokoma", ndipo ya Bandawe iyambe kuti "Agogo athu anayenda wapansi kufunafuna sukulu."

Tikonzenso chiganizo chimodzi chobwereza chimene chingalowe paliponse, monga "Nyanja idzakhalapo mawa, koma chaka cha mwana sichibwerera." Ichi ndi chopumirapo. Chimatuluka chokha pakamwa, n'kupatsa mutu mpata wofufuza. Koma chili ndi malire ake: popeza n'chofanana paliponse, sichitiuza pamene tafika. N'chifukwa chake tipatse siteji iliyonse chala chake, kuyambira chachikulu pa Vizara mpaka chaching'ono pa Kande, ndipo tizipinda chala mwakachetechete tikadutsa siteji.

Tsopano tinene kuti mawu atithawa pakati pa Chintheche. Choyamba titseke pakamwa ndi kupuma kamodzi, osanena kuti "pepani, ndaiwala". Kwa ife kachetechete ameneyo amaoneka ngati wautali, koma omvera amangoti tikutsindika mfundo. Kenako tinene chiganizo chobwereza chija pang'onopang'ono. Ngati zotsala za Chintheche sizinabwere, tizisiye. Chala chikutiuza kuti tili pa siteji yachitatu, ndipo pambuyo pa Chintheche pali Bandawe, ndiye tingoyamba za agogo athu. Nthawi zonse tilumphire kutsogolo. Kubwerera kumayambiriro ndi kumene kumaulula kuti tasokonezeka, ndipo tikafikanso pamalo omwe aja mantha amakhala atakula. Zonse zikakanika, tipite pa Kande, tipereke pempho lathu, tithokoze, tikhale pansi. Pempholo ndi limene anthu akapite nalo kwawo.

Kulumpha kumeneku kumafuna kuyeserera. M'malo mobwereza kakhumi usiku umodzi, tigawe masiku anayi kapena asanu, kawiri patsiku, chifukwa zimene tagona nazo zimakhazikika bwino. Tiyeserere titaimirira, mokweza, pepala lili kutali. Tipemphe mnzathu wa m'chipinda kuti azitchula siteji mosatsata ndondomeko: akati "Bandawe!" ife tiyambe pomwepo, akati "Sanga!" tilumphire kumeneko. Atidulenso dala pakati pa chiganizo kuti tizolowere kupuma, kunena chobwereza ndi kupita kutsogolo. Siteji imene tikuchedwa kuyamba ndi imene chiganizo chake choyamba chili chofooka, ndipo tichisinthe.

Pali zinthu ziwiri zimene njira imeneyi siingapulumutse: mayina ndi manambala. Mfundo ya ndalama tikhoza kuidumpha popanda wodandaula, koma kudumpha mfumu pa moni, kapena kutchula nyakwawa gulupu asanatchulidwe, ndi mlandu umene ungaphimbe zonse zimene tanena. Tifunse aphunzitsi aakulu ndondomeko ya maudindo tsiku lisanafike, ndipo tifunsenso m'mawa mwake kuti tidziwe amene abweradi. Mayinawo, pamodzi ndi chiwerengero cha ana ojomba chochokera m'kaundula wa sukulu, tiwalembe pa kapepala kokwana m'dzanja. Kuyang'ana kapepalako potchula dzina la mfumu si manyazi, ndipo akuluakulu amaona kuti tasamala.