Kalata yothetsera inshuwalansi chaka chisanathe

Mgwirizano wa inshuwalansi ya galimoto, nyumba kapena katundu wa m'sitolo nthawi zambiri umakhala wa miyezi 12, koma ukhoza kutha nthawiyo isanakwane. Pafupifupi chikalata chilichonse cha mgwirizano wotere chili ndi ndime yofotokoza m'mene mwini wake kapena kampani angauthetsere. Ndimeyo imanena amene ayenera kulembera mnzake, masiku a chidziwitso, ndi m'mene ndalama yobwezedwa iwerengedwere. Kungosiya kulipira, kapena kuuza ejenti pakamwa mutakumana pamsewu, si njira yodalirika yothetsera mgwirizano. Chofunika ndi kalata.

Kalatayo sifunika kutalika. Imatchula dzina la mwini mgwirizano monga linalembedwera pa chikalata, nambala ya mgwirizanowo, chinthu chotetezedwa (pa galimoto, nambala yake), ndi tsiku limene chitetezo chiyenera kulekeza. Imanenanso chifukwa, monga kugulitsa galimoto, ndipo umboni wa malondawo umaphatikizidwa. Ndi bwino kulembamo kuti palibe ngozi imene yachitika chiyambire chaka cha mgwirizano, ngati ndi zoona, ndi kupempha kampani kuti ionetse polemba m'mene yawerengera ndalama yobweza. Pomaliza pamabwera akaunti ya kubanki yolandirira ndalamayo, tsiku ndi siginecha. Pa inshuwalansi ya galimoto, makampani ambiri amafuna kuti satifiketi ibwezedwe pamodzi ndi kalatayo, chifukwa malinga ngati satifiketiyo ili m'manja mwa munthu, ikhoza kuonetsedwa pamsewu ngati kuti ikugwirabe ntchito.

Tsiku lofunika kwambiri ndi limene kampani yalandira kalata, osati limene inalembedwa. Kawirikawiri kampani sibwerera m'mbuyo kukathetsa mgwirizano pa tsiku lapita kale, popeza masiku onsewo inali itasenza chiopsezo. N'chifukwa chake wopereka kalata pamanja ayenera kudindidwa chidindo cha tsiku pa kope lake, ndipo wotumiza pa imelo asunge yankho lotsimikiza kuti yafika. Kalata ikadzera kwa buloka, mwini wake atsimikize kuti yafikadi ku kampani, pakuti sabata imodzi imene ingagone mu ofesi ya buloka ikhoza kudya ndalama zambiri, monga zionekere m'munsimu.

Pa masiku a chidziwitso, mbali ziwirizi sizifanana. Mwini mgwirizano nthawi zambiri amaloledwa kuuthetsa nthawi iliyonse, ngakhale zikalata zina zimafuna chidziwitso cha masiku angapo. Kampani ndiyo imamangidwa kwambiri: iyenera kulemba kalata ku keyala yomaliza imene inapatsidwa, n'kudikira masiku otchulidwa mu mgwirizano, amene amakonda kukhala 7, 14 kapena 30. Ku South Africa malamulo oteteza eni inshuwalansi amafuna kuti kampani ipereke chidziwitso cha masiku osachepera 31. Cholinga chake n'chakuti munthu apeze mpata wogula chitetezo kwina. Amene anasamuka osadziwitsa kampani akhoza kumayendetsa galimoto yopanda inshuwalansi iye osadziwa, pamene lamulo la pamsewu ku Malawi limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena.

Mkangano waukulu umabuka pa ndalama yobwezedwa, chifukwa pali njira ziwiri zowerengera. Yoyamba ndi ya kuwerenga masiku: ndalama ya pachaka imagawidwa ndi 365, kenako n'kuchulukitsidwa ndi masiku otsala. Njirayi imagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pamene kampani ndiyo yathetsa mgwirizano. Yachiwiri ndi ya mitengo ya nthawi yochepa, imene zikalata zambiri zimailamula pamene wothetsayo ndi mwini wake. Apa kampani imatsala ndi gawo lalikulu kuposa masiku amene adutsa. Chifukwa chake n'chakuti zolowa zambiri za kampani zimabwera koyambirira: kuunika chiopsezo, kukonza zikalata ndi kulipira komishoni ya ejenti. Palinso cholinga choletsa anthu kugula chitetezo cha chaka pa mtengo wotsika n'kuchithetsa nyengo yoopsa ikangodutsa.

Mitengoyi imasiyana kampani ndi kampani, ndipo yogwira ntchito ndi yokhayo yolembedwa mu mgwirizano. Mndandanda umodzi wakale wodziwika pa inshuwalansi ya galimoto, umene umapezeka mwachitsanzo m'zikalata za ku Malaysia, uli motere. Mgwirizano ukatha pasanapitirire mwezi umodzi, kampani imabweza 75 peresenti ya ndalama ya pachaka. Miyezi iwiri, 62.5 peresenti, itatu, theka, inayi, 37.5 peresenti, isanu ndi umodzi, 25 peresenti, isanu ndi itatu, 12.5 peresenti. Kupitirira miyezi isanu ndi itatu sipabwezedwa kanthu.

Chitsanzo chongoyerekeza chikhoza kuonetsa kulemera kwa mndandanda wotere. Mayi wina walipira K730,000 kuteteza galimoto yake kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala 2025, kutanthauza K2,000 pa tsiku. Wagulitsa galimotoyo kumapeto kwa Malichi, koma kalata yake yafika ku kampani pa 10 Epulo, patadutsa masiku 100. Powerenga masiku, otsala ndi 265, ndipo akanalandira K530,000. Pa mitengo ya nthawi yochepa, masiku 100 apitirira miyezi itatu, choncho agwera pa mzere wa miyezi inayi: kampani itsala ndi K456,250, mayiyo alandira K273,750. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi K256,250.

Chopweteka kwambiri chili pa masiku khumi ochedwawo. Kalata ikanafika pa 31 Malichi, mayiyu akanalandira theka, K365,000. Masiku khumi amene mtengo wake weniweni ndi K20,000 amudyera K91,250, pa galimoto imene sinalinso yake. Mndandandawu umayenda modumpha, kotero tsiku limodzi lodutsa malire limawerengedwa ngati mwezi wathunthu, pena miyezi iwiri. Ndipo akanadikira mpaka Seputembala sakanalandira chilichonse, ngakhale kuti pa 31 Ogasiti masiku otsala anali 122, a mtengo wa K244,000.

Ngakhale ndalama yowerengedwayi sifika yonse nthawi zina. Zikalata zambiri zimanena kuti ngati m'chakacho munthu wapempha kale chipukutamisozi pa ngozi, palibe chobweza. Zolipira zapadera monga za sitampa ndi za kukonza zikalata kawirikawiri sizibwerera, ndipo makampani ena ali ndi ndalama yochepetsetsa imene amatsala nayo zivute zitani. Wolipira pang'onopang'ono akhoza kupezeka kuti ndiye ali ndi ngongole, ngati zimene walipira sizinafike pa gawo la kampani. Galimoto ikakhala ya ngongole ya kubanki, ndipo dzina la banki linalembedwa pa mgwirizano, kampani imafuna chilolezo cha bankiyo isanathetse chitetezo.

Wogulitsa galimoto kuti agule ina sayenera kuthamangira kuthetsa mgwirizano. Makampani ambiri amalola kusamutsira chitetezo pa galimoto yatsopano, n'kungowerengera kusiyana kwa mtengo pa masiku otsala, ndipo mitengo ya nthawi yochepa sikhudzidwa konse. Amene wathetsa ndithu ayerekeze masamu a kampani ndi ndime ya mu mgwirizano wake, makamaka tsiku lothetsera ndi mzere umene wagwiritsidwa ntchito. Zikapanda kugwirizana, dandaulo limayamba ndi kalata ku kampani yomweyo, ndipo yankho likakhala losakhutiritsa, ku Malawi nkhaniyo imatulidwa ku ofesi yoyang'anira mabungwe a zachuma ku Banki Yaikulu ya dziko lino.